Tebulo la alimi losikana landisokoneza, makolamu akungothawathawa

Nabanda: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi ntchito yandikhalitsa pansi kuyambira mmawa, kasitomala wabwera ndi PDF ya mapeji 14, ndi mndandanda wa alimi a makalabu, akufuna ikhale mu Excel pofika lachisanu. Fayilo yoyambirira akuti inapita ndi laputopu yomwe inafa, chatsala ndi mapepala omwe anasikana. Ndaiponya mu pulogalamu yosinthira ija koma zomwe zatuluka abale inu, matumba a mtedza ali pansi pa soya, dzina la dera likuoneka apo ndi apo, mutu wa tebulo ukungobwerabwera pakati pa mayina a anthu

Mayi a Dalitso: Zamutu wa tebulo nzosavuta asisi, pitani pa Page Layout kenako Print Titles, pa Rows to repeat at top musankhe mizere ya mutuyo, ituluka pa peji iliyonse

Nabanda: Ayi amayi sindikupulinta, ndikuchokera ku pepala kupita ku Excel. Mutuwo ukubwereza kale ndiye ndikufuna uchoke

Mayi a Dalitso: Ooo pepani ndinawerenga mothamanga ndili pa mzere ku banki

Kondwani: Excel ili nayo kale njira, Data, Get Data, From File, From PDF. Mphindi ziwiri basi mwamaliza

A Mwale: Kondwani imeneyo imagwira pa PDF yomwe mkati mwake muli malemba enieni. Ya kusikana ndi chithunzi chabe. Nabanda tayesani kukoka mausi pa dzina limodzi mu PDF mo, ngati silikusankhika ndiye kuti mulibe malemba. Komanso tiuzeni tebulolo lakhala bwanji, makolamu angati

Nabanda: Silikusankhika bambo. Pepala ndi A4 yogona. Mutu uli ndi mizere iwiri, wapamwamba uli No., Dera, Dzina la mlimi, Chimanga, Soya, Mtedza. Ndiye pansi pa mbewu iliyonse pali Maekala ndi Matumba. Peji iliyonse alimi 25, nambala yomaliza ndi 342, totala ili pa peji yomaliza yokha

A Mwale: Ndiye makolamu anu ndi 9, osati 6. Mzere wapamwamba uli ndi maselo 6 chifukwa Chimanga, Soya ndi Mtedza anaphatikiza maselo awiriawiri, ndipo pulogalamu ikayamba kuwerengera makolamu kuchokera pamenepo zonse zapansi zimapanikizana. Mutuwo musavutike nawo kuti makina auwerenge bwino, ulembeni nokha kamodzi pa mzere umodzi, Chimanga maekala, Chimanga matumba, Soya maekala, Soya matumba, choncho mpaka kumapeto. Musaphatikize selo iliyonse mu fayilo yatsopanoyi, mukadzafuna kusota Excel idzakukanirani kuti maselo ophatikizawo akhale ofanana kukula

Nabanda: Nanga kasitomala akafuna kuti izioneka ngati papepala

A Mwale: Mumupangira shiti ina yopulinta, ndipo ngakhale kumeneko pali Center Across Selection mu Format Cells, mawu amakhala pakati koma maselo osaphatikizidwa. Imagwira chopingasa chokha koma

Kondwani: Za Dera zo ine ndimathana nazo mu masekondi. Sankhani kolamu, F5, Special, Blanks, lembani = ndi kabatani koloza mmwamba, Ctrl+Enter, zonse zadzaza. Kenako kopi, Paste Values. Kapena Fill Down mu Power Query

Nabanda: Ndachita zimenezo achimwene, zadzaza ndithu, koma mizere 15 yoyamba yatenga mawu oti Dera ochokera ku mutu

A Mwale: Imani pomwepo musaseve. Ndiuzeni, mawu oti Santhe kapena dera loyambalo agwera pa mlimi nambala chani

Nabanda: Santhe yemweyo, ali pa nambala 16. Chamama ali pa 46, Chulu pa 72

A Mwale: Eya. Njira ya Kondwani ndi yoona koma ndi ya fayilo ya Excel yomwe mwaichotsa kuphatikiza nokha, chifukwa kumeneko mawu amatsalira mu selo yoyamba pamwamba. Papepala sizili choncho. Amene anapanga tebulo anaika dzina la dera pakati pa selo yaitaliyo, ndiye OCR, pulogalamu yowerenga malemba pa chithunzi, imaliona pomwe lili, imaliika pa mzere wapakati. Mukadzazira pansi kuyambira pakatipo, theka lapamwamba la gulu lililonse limapita ku dera la m'mbuyo. Tayang'anani papepala mu kolamu ya Dera, mzere wopingasa woyamba wodula kolamuyo uli pansi pa nambala chani

Nabanda: Pansi pa 31, pa peji 2. Wina pansi pa 60

A Mwale: Ndiye Santhe ndi 1 mpaka 31, Chamama ndi 32 mpaka 60. Koma mmene mwadzazira inu Santhe yatenga 16 mpaka 45, kutanthauza kuti alimi 14 a ku Chamama, 32 mpaka 45, mwawasamutsira ku Santhe osawafunsa. Choopsa chake nchakuti mukawerenga mupeza Santhe ili ndi anthu 30 pomwe enieni ndi 31, munthu ungoti aaa wasowa mmodzi yekha, osadziwa kuti pafupifupi theka ndi anthu olakwika

Kondwani: Eish koma zimenezi sindinaziganize, ine ndimachita ndi mafayilo otumizidwa pa imelo

Chikondi Mchinji: Kkkkk a Santhe alandira mbewu za a Chamama mpaka mafumu ayitanidwa

Nabanda: Ndiye ndichite bwanji, madera alipo ngati 12

A Mwale: 12 ndi ochepa, manja basi. Bwezani zomwe mwadzazazo. Pitani peji ndi peji kuyang'ana kolamu ya Dera yokha, paliponse pali mzere wopingasa lembani nambala ya mlimi woyamba pansi pake. Mu Excel dulani dzina la dera pomwe lagwera mukaliike pa mlimi woyambayo, Santhe pa 1, Chamama pa 32, Chulu pa 61. Mukatero ndiye njira ya Kondwani igwira bwinobwino. Koma musankhe kolamu ya Dera yokha, mukasankha tebulo lonse maselo opanda kanthu a soya adzaza ndi matumba a mlimi wapamwamba

Nabanda: Chabwino. Nanga kumapeto kwa peji, pali mzere wotseka tebulo paliponse, ndidziwa bwanji kuti dera lathera pomwepo kapena lapitirira. Peji 3 yayamba ndi mizere 10 yopanda dzina lililonse

A Mwale: Imeneyo ndi 51 mpaka 60, mchira wa Chamama, dzina lake linatsala pa peji 2. Mzere wakumapeto kwa peji musaukhulupirire, sunena kanthu. Muziwerenga chonchi, pakati pa mayina awiri a madera payenera kukhala malire amodzi okha. Ngati mwapeza mzere wopingasa mkati mwa peji, malire ndi amenewo ndipo kutha kwa peji sikukukhudza. Ngati palibe mzere wina uliwonse pakati pa mayina awiriwo koma kutha kwa peji kokha, ndiye kuti dera linathera ndendende pamenepo

Nabanda: Pa peji 5 ndi choncho. Mtunthama yayamba pa 84, dzina lake lili pakati pa 104 ndi 105, peji yatha pa 125, kenako pa peji 6 pakubwera Nkhamenya popanda mzere wina

A Mwale: Masamu akugwirizananso. Kuchokera 84 kufika 104 ndi mizere 21, ndiye kumunsi kukhalenso 21, 105 mpaka 125. Mtunthama yathera pa 125. Kachenjerero kameneka kamagwira pokhapokha dzina linaikidwa pakati ndipo mizere ndi yofanana kutalika, dzina la mlimi likapindikira mizere iwiri kamasokonekera pang'ono. Ndipo tebulo lopangidwa mu Word nthawi zambiri dzina limakhala pamwamba pa selo osati pakati, ndiye yang'anani kaye

Chikondi Mchinji: Ine yanga inali yosiyana, mutu unali pa peji yoyamba yokha, mapeji enawo manambala okhaokha. Pulogalamu inatenga mlimi woyamba wa peji iliyonse nkumusandutsa mutu wa tebulo, nditalumikiza mapeji anthu 9 anasowa, ndinadzazindikira munthu atabwera kudzakalipa kuti dzina lake lilibe. Ndi chifukwa chake ine masiku ano ndimangotayipa. 342 si anthu ambiri, ine tsiku limodzi ndi theka ndamaliza ndi mwana wondiwerengera

Nabanda: Asisi manambala okha ndi maselo 2052, ndili ndekha mu shopu, anthu akubwera kudzafotokopa ma ID ndi ana asukulu kudzapulintitsa, komanso magetsi ano

Chikondi Mchinji: Nanga mukamaliza kukonza za makinazo simuwerenganso zonse ndi maso? Ndi ntchito iwiri imeneyo

A Mwale: Chikondi sakunama kwenikweni, pa mapeji osakwana 10 inenso ndimatayipa. Koma wotayipa nayenso amadumpha kolamu akatopa, macheke ndi omwewo. Tiyeni tione za kusuntha kwa makolamu. Nabanda tipatseni mzere umodzi wolakwika, dzina musalembe

Nabanda: Nambala 47. Papepala chimanga maekala 2 matumba 18, soya palibe maselo onse awiri ndi oyera, mtedza ekala 1 matumba 9. Mu Excel zatuluka 2, 18, 1, 9 kenako maselo awiri opanda kanthu kumapeto

A Mwale: Ndi matenda ake amenewo. OCR imawerenga mawu, selo yopanda kanthu siiona, ndiye zakumanja zonse zimasunthira kumanzere kudzaza mpatawo. Chizindikiro chake mwachiona kale, mipata yonse imakathera kumapeto kwa mzere ngati kuti ku Kasungu kuno anthu anasiya kulima mtedza. Tsopano phatikizani kolamu ya matumba a soya ndi ya matumba a mtedza mufanizire ndi totala ya papepala

Nabanda: Soya yapitirira ndi 212, mtedza wachepa ndi 187

A Mwale: Kukanakhala kusuntha kokha manambala awiriwo akanafanana, zomwe soya yalanda ndi zomwe mtedza wataya. Kusiyana kwa 25 ko kukutiuza kuti palinso china, mwina manambala owerengedwa molakwika, mwina mzere wosowa. Tizipeza, sungani kaye

Kondwani: Ikani OCR kaye mu PDF yo kenako Tabula, musankhe Lattice, imatsata mizere ya tebulo ndiye maselo opanda kanthu amakhala pamalo pake

A Mwale: Gawo loyambalo inde. Lattice ayi. Tabula imafuna mizere yojambulidwa mkati mwa PDF, koma pa sikani mizereyo ndi timadontho ta chithunzi, siiona. Mutsala ndi Stream yomwe imangoganizira makolamu potengera mipata, ndipo ikapeza kolamu ya soya ili yoyera kwambiri pa peji ina imatha kukupatsani makolamu 8 apa 9 apo

Kondwani: Ine inandigwirirapo koma

A Mwale: Pa sikani kapena pa PDF yochokera mu kompyuta?

Kondwani: Mwina inali yochokera mu kompyuta kkkk sindikukumbuka

A Mwale: Njira yomwe ine ndimadalira ndi yosafunsa pulogalamu kuti kolamu ndi iti, ndimaifunsa kuti mawu aliwonse ali pati papepala, kolamu ndimaweruza ndekha. Koma choyamba pepala liwongoke. A4 yogona pa 300 dpi ndi mapikiselo 3508 m'lifupi. Pepala likapendekeka digiri imodzi yokha, yomwe ndi maso simuiona bwino, mbali yakumanja imatsika kapena kukwera ndi mapikiselo ngati 61 poyerekeza ndi yakumanzere. Mzere wa mamilimita 6 ndi mapikiselo 71. Ndiye matumba a mtedza a mlimi uyu amakhala atatsala pang'ono kufika pa mzere wa mnzake wapansi

```
ocrmypdf --deskew alimi.pdf owongoka.pdf
pdftoppm -r 300 -png owongoka.pdf peji
tesseract peji-02.png peji02 --psm 6 tsv
```

Nabanda: Bambo mwayamba zakuda zija, ine sikirini yakuda imandiopsa

A Mwale: Mizere itatu yokha, Kondwani ali pafupi ndi inu akuikirani. Woyamba ukuwongola mapeji, wachiwiri ukudula PDF kukhala zithunzi, wachitatu ukutulutsa fayilo ya tsv yomwe imatseguka mu Excel. Mmenemo liwu lililonse lili ndi mzere wake, kolamu G ndi left, H ndi top, I ndi width, K ndi conf, nambala yoonetsa mmene pulogalamu ikukhulupirira kuti yawerenga bwino, L ndi liwulo. Mukatenga left nkuonjezera theka la width mwapeza pakati pa liwulo kuchokera kumanzere kwa pepala

Nabanda: Ndiye ndidziwa bwanji kuti pakati pamenepo ndi pa soya kapena mtedza

A Mwale: Tsegulani chithunzi cha peji mu Paint, mukaika mausi pa mzere woimirira uliwonse pansi kumanzere pamaoneka nambala ya pikiselo. Lembani poyambira makolamu 9 onse motsatana, tinene mu N1 mpaka N9, kuyambira yaing'ono. Kenako

```
=MATCH(G2+I2/2,$N$1:$N$9,1)
```

ikupatsani nambala ya kolamu. Tiyerekeze soya matumba ikuyamba pa 2300, mtedza maekala pa 2600, mtedza matumba pa 2900. Ka 9 ka mlimi 47 kaja kakakhala ndi left 3020 ndi width 30, pakati pake ndi 3035, kagwera kolamu 9 pamalo pake, kaya soya ndi yoyera kaya ayi. Mizere mumaipeza chimodzimodzi ndi top

Chikondi Mchinji: Ndiye muchite zimenezo ka 14? Ine ndafika kale peji 6 ndikutayipa mmutu

A Mwale: Malire onse simuyezanso, mumayeza mzere wakumanzere wokha pa peji iliyonse. Wosikana akaika pepala pagalasi mosiyana ndi mamilimita 3, ndi mapikiselo 35, ndiye mumaonjezera kapena kuchotsa kusiyanako pa malire onse. Zimavuta ndi zithunzi za pafoni, pamenepo pepala limakula mbali ina nkuchepa ina, malire amodzi sagwira ngakhale pa peji imodzi. Zimenezo ndimabweza akasikane bwino

Mayi a Dalitso: Ine ndangotsatira mwakachetechete koma ndifunse, mizere ya tebulo ija simasanduka 1? Kwathu ku ofesi 18 inkatuluka 118

A Mwale: Imatero mayi, makamaka nambala ikagundana ndi mzere woimirira, umatuluka ngati | kapena 1 kapena l. Mu tsv ina mumaigwira ndi conf yotsika, koma osati yonse. Ine ndimasota kolamu iliyonse kuyambira yaikulu, munthu wa ekala imodzi wokhala ndi matumba 118 amaonekera yekha

Kondwani: Ndafika pa shopu, taika zonse, peji 2 yatuluka bwino 47 ali pamalo pake. Dzina la mlimi likutuluka mawu awiri osiyana koma onse kolamu 3, tiwalumikiza

Nabanda: Tsopano mitu yobwereza ija. Ndinasefa mizere yomwe ili ndi mawu oti Dera, yapezeka 11 yokha pa mapeji 14

A Mwale: Ina yawerengedwa Dcra kapena Oera, ndipo mzere wachiwiri wa Maekala Matumba ulibe liwu limenelo nkomwe. Musasake mutu ndi mawu ake. Sakani mizere yomwe kolamu ya No. ilibe nambala

```
=ISNUMBER(VALUE(A2&""))
```

Sefani FALSE. Muyenera kupeza 29, mitu 28 ndi totala imodzi. Ikapitirira 29 musafufute msanga, muli mlimi yemwe nambala yake yawerengedwa ngati zilembo, 11 amakonda kutuluka ll

Nabanda: Zatuluka 31. Awiriwo ndi alimi ndithu, 111 ndi 170, ndakonza. Ndafufuta 29, atsala 342 ndendende. Ambuye alemekezeke

Chikondi Mchinji: Musathamangire kuimba, ine anthu 9 aja ndinkaona ngati zakwana

A Mwale: Cheke chomaliza. Pambali lembani =A3-A2 mukokere mpaka pansi, paliponse payenera kukhala 1. Sefani zomwe si 1

Nabanda: Pali ziwiri. Pambuyo pa 200 pakubwera 176, ndiye pambuyo pa 200 winayo pakubwera 226

Kondwani: Peji 8 ili kawiri!! Peji 9 mulibe mu PDF, wosikana anabwereza pepala limodzi

A Mwale: Ndi kumene kwachokera kusiyana kwa 25 kuja, kapena mbali yake. Chiwerengero chinakwana 342 chifukwa anthu 25 obwereza analowa mmalo mwa 25 osowa. Mufufute obwerezawo, ndipo dera la 201 mpaka 225 musaliganizire, mwina muli malire mmenemo, komanso amene ali pamwamba pa peji 10 simungadziwe dera lawo mpaka pepalalo lipezeke

Chikondi Mchinji: Mukanatayipa mukanaona kalekale kuti mayina awa ndawalembapo

Kondwani: Kapena mukanawalemba kawiri muli ndi tulo kkkk

Nabanda: Ndamuimbira kasitomala, akuti mapepala enieni ali ndi mlembi wa kalabu ku Chamama, abwera nawo mawa pa kabaza ngati mvula siigwa. Akufuna kungojambula pa foni atumize pa WhatsApp

A Mwale: Peji imodzi yokha alole ajambule, imeneyo mutayipa pamanja, alimi 25 basi. Angoonetsetsa kuti kolamu ya Dera ndi mizere yake ikuoneka yonse osadula mmbali. Mukailowetsa muphatikizenso soya ndi mtedza mutiuze ngati zafanana ndi totala

Nabanda: Ndikuuzani mawa. Kondwani usachoke, mapeji 11 mpaka 14 sitinayeze mzere wakumanzere